Ndagula kolo pa 1.49, mphindi yomweyo apu ikuti ndaluza madola 195, chachitika nchani?

Mjoni wa ku Dedza: Akuluakulu thandizeni mutu wanga waima. Lero ndagula ma kolo 5, ma opushoni aja opatsa ufulu wogula sheya pa mtengo woikiratu wotchedwa sitiraiki, a kakampani kena ka ku Amerika, dzina sinditchula mungandiseke. Sheya yake ili pa madola 38, ine ndatenga sitiraiki ya 40 yothera Lachisanu lachitatu mwezi wamawa. Pa cheni, mndandanda wa mitengo ya ma opushoni uja, ndimaona mtengo 1.05 pa sheya, kolo imodzi ndi masheya 100, nde ndinawerengera kuti zonse zindidyera 525, ndadina maketi oda msika utangotsegula cha m'ma 15:32 nthawi yakuno, kubwera risiti andidula 745!! Kenako apu ikuonetsa kuti katundu wanga ndi wa 550 basi, zofiira, pamene sheyayo sinasunthe olo pang'ono. Kodi buloka wandibera kapena?

Mjoni wa ku Dedza: Mwamwayi ndinajambula sikirini ndisanagule kuti nditumizire mlamu wanga, mzere wake ndi uwu

```
Strike  Bid   Size  Ask   Size  Last  Vol  OI
40 C    0.80  10    1.40  2     1.05  0    1240
```

Chiko_Ndix: kkkkk mwadyedwa madala. Ma apu amenewa onse ndi akuba, ine anandidyera yonse pa zija zongolosera kuti ikwera kapena itsika mu mphindi 5, wina pa foni amvekere onjezani dipoziti mubweza

Nachisale: Chiko zako zija ndi ma bainale, ndi njuga ija, sizikugwirizana ndi zomwe akufunsa achimwenewa. Awa agula opushoni yeniyeni yapamsika. Achimwene a Mjoni pepani, koma buloka sanakubereni, chilichonse chomwe chakuchitikirani chinalembedwa kale pa mzere mwatumizawo. Munayang'ana `Last`. Imeneyo si mtengo wogulira, ndi mtengo womwe anthu awiri anagwirizana komaliza, nde onani pa `Vol` pali 0, kutanthauza kuti lero palibe anagula kapena kugulitsa inu musanafike. 1.05 imeneyo mwina ndi yadzulo mwina ndi ya sabata yatha. Mtengo womwe munthu wogula amakumana nawo ndi wa pa `Ask`, apa 1.40, ndipo tsiku lomwe mukufuna kugulitsa mumakumana ndi wa pa `Bid`, apa 0.80. Zili ngati ku byulo kosinthira ndalama kuja, pabolodi pamakhala mitengo iwiri, wina akugulirani dola wina akugulitsirani, mukagula nkutembenuka pompo kuti ndasintha maganizo simubwerera ndi ndalama yomwe munalowa nayo.

Mjoni wa ku Dedza: Chabwino achemwali ndamva, koma olo pa 1.40 kuchulukitsa 100 kuchulukitsa 5 ikubwera 700. 45 inayo yapita kuti?

Nachisale: Yang'anani kanambala kali pafupi ndi `Ask`, pa `Size`. Pali 2. Munthu amene amagulitsa pa 1.40 anali ndi ma kontilakiti awiri okha pa mtengo umenewo. Inu munati ndipatseni 5 pa mtengo uliwonse, chifukwa maketi oda imatanthauza zimenezo, nde awiri anabwera pa 1.40, atatu otsalawo oda yanu inakwera kukafuna wogulitsa wotsatira. Tsegulani risiti muone, ndikukhulupirira mupeza mizere iwiri.

Mjoni wa ku Dedza: Eeee zoonadi. 2 pa 1.40 ndi 3 pa 1.55. 280 kuphatikiza 465. Ndiye 745 ija. Ine ndimangoona avareji ya 1.49 osadziwa yachokera kuti

Nachisale: Ndi zimenezo. Ndipo 550 ikuonekayo isakunamizeni, mabuloka ambiri amawerengera katundu wanu potengera pakati pa bidi ndi asiki, 0.80 ndi 1.40 pakati pake ndi 1.10, kuchulukitsa 500 ndi 550. Koma palibe munthu amene walonjeza kukupatsani 1.10. Amene waimika ndalama yake poyera ndi wa 0.80 uja. Mutati mutuluke pompano ndi maketi oda ina mulandira 400, kuluza 345 pa 745, pafupifupi theka, sheya isanasunthe.

Mjoni wa ku Dedza: Mayo ine

Bambo a Tada: Ine apa ndikudabwa pang'ono. Lamulo lomwe ndimatsatira ine zaka zitatu tsopano ndi loti `OI` ikadutsa 1000 ndiye kuti pali anthu, lowa usaope. Apa pali 1240. Nde mwa lamulo langa mnyamatayu sanalakwitse posankha, vuto ndi nthawi basi, analowa msika ukungotsegula. Mphindi zoyamba zija mitengo imakhala yobalalika, akanadikira ola limodzi bwenzi zili bwinobwino.

Mai Busa Junior: Pepani ndilowelere, `OI` yo ndamva kuti ndi openi intaresti, nde ndi chiwongola dzanja chimene amakupatsa ukasunga opushoniyo? 1240 yo ndi pa mwezi kapena pa chaka? Chifukwa ngati zili choncho bola kusunga osagulitsa

Chiko_Ndix: kkkkkk Mai Busa mwaiona ngati banki mkhonde

Nachisale: Musawaseke, dzinalo limasokoneza aliyense poyamba. Mai Busa palibe chiwongola dzanja apa olo tambala. Ndi chiwerengero cha ma kontilakiti a sitiraiki imeneyo ndi tsiku limenelo amene adakali amoyo, anatsegulidwa ndipo sanatsekedwe. Kontilakiti iliyonse ili ndi anthu awiri, wogula ndi wogulitsa, nde onse awiri akakhala atsopano nambala imakwera ndi 1. Wina akamatuluka nkugulitsa yake kwa watsopano nambala siisintha, yangosintha mwini. Onse awiri akamatseka imatsika ndi 1. Voliyumu ndiye ina, imangowerenga ma kontilakiti omwe asinthana manja lero, mawa imayambiranso pa 0.

Nachisale: Bambo a Tada za nthawi mwalasa, ndikugwirizana nanu, opushoni siyamba kuyenda bwino mpaka sheya yakeyo itakhazikika, nde mphindi zoyamba ogulitsa akuluakulu aja amatalikitsa mitengo dala podziteteza. Koma lamulo lanu la 1000 ndi lomwe limagwetsa anthu m'dzenje ngati ili. `OI` ndi nambala yadzulo. Amaiwerengera ndi a OCC, bungwe losunga kaundula wa ma opushoni ku Chicago, usiku msika ukatseka, nkuitulutsa m'mawa, masana onse imakhala chiimire olo anthu agulitsane bwanji. Ndiponso siikuuzani kuti 1240 yo ndi anthu angati. Atha kukhala munthu mmodzi anagula 1200 tsiku limodzi mwezi watha nkukhala nazo phee kudikira, nde pa sikirini zikuoneka ngati msika wa Lizulu tsiku la msika pamene zoona zake ndi golosale yotseka katundu ali mkati.

Bambo a Tada: Mmm koma mayi musanyoze kwambiri. Kumene kuli `OI` yambiri nthawi zambiri sipuredi, kusiyana kwa bidi ndi asiki kuja, imakhalanso yaing'ono, ndaziona kambirimbiri. Simungandiuze kuti nambalayo ilibe ntchito

Nachisale: Ntchito ilipo bambo, sindinakane. Zimayendera limodzi nthawi zambiri. Koma ikamatsutsana ndi sipuredi ine ndimamvera sipuredi, chifukwa sipuredi ndi ndalama yomwe ituluke m'thumba mwanga panopa. Mbali inayo imachitikanso, tsegulani cheni ya `SPY`, thumba lalikulu lija la masheya a ku Amerika, mupeze sitiraiki yomwe yangoikidwa kumene, `OI` ili mmunsi kwambiri mwina 20, koma bidi ndi asiki zasiyana ndi senti imodzi kapena awiri ndipo pa `Size` pali ma handiredi. Chifukwa chake amene amaima mbali inayo nthawi zambiri si munthu ngati inu ndi ine, ndi makampani omwe ntchito yawo ndi kuika mitengo mbali zonse ziwiri tsiku lonse. Iwowo akakugulitsani kolo amathamanga kukagula masheya kuti adzitchinjirize. Pa `SPY` zimenezo nzosavuta, masheya akuyenda mamiliyoni pa tsiku, nde sakuopa kukupatsani mtengo wabwino. Pa kakampani ka a Mjoni ka sheya yakeyo mwina nayonso ndi yovuta kugula ndi kugulitsa, nde chiopsezo chawo amachiika mu sipuredi, mumalipira ndinu.

Gift wa ku Leeds: Ndangofika kumene ku shifiti ndawerenga zonse. Zinandichitikirapo zofanana koma ine zinali potuluka. Ndinagula puti, opushoni yomwe imapindula sheya ikagwa, kampani inatulutsa malipoti oipa sheya nkugwa monga ndimafunira, apu ikuonetsa zobiriwira phindu madola 300 ndi kanthu, ndinajambula mpaka kutumizira madamu kuti wikendi ino tikadya kunja. Kupita kuti ndigulitse, bidi ili kutali pansi, asiki kumwamba, pakatipo ndi pomwe panali phindu langalo, la pa sikirini basi. Ndinaika oda pakati tsiku lonse palibe anaigwira. Ndinatuluka ndi phindu la madola 90 patapita masiku awiri, kunja sitinakadye kkkk. Chiyambire pamenepo ndisanalowe ndimadzifunsa kaye kuti nditagula panopa nkugulitsa pompano ndiluza zingati, ndikaona kuti nambalayo ikundiwawa ndimatseka apu

Mjoni wa ku Dedza: Nde sipuredi yabwino ndi iti? Chifukwa ine 0.60 ndimaiona ngati masenti chabe, sindinaganize kuti ndi ndalama

Gift wa ku Leeds: Chulukitsani ndi 100 aise, kontilakiti imodzi ndi masheya 100. 0.60 ndi madola 60 pa kontilakiti, pa zisanu 300

Nachisale: Komanso musayang'ane masenti okha, agaweni ndi mtengo wapakati uja.

```
(Ask - Bid) / Mid
(1.40 - 0.80) / 1.10 = 0.545
```

Yanuyo ndi 54 peresenti ndi theka. Sipuredi ya 0.60 yomweyo pa opushoni ya madola 20 ndi 3 peresenti yokha, palibe vuto kwenikweni. Pamene ya 0.05 pa opushoni ya 0.15 ikuoneka yaing'ono koma ndi gawo limodzi mwa atatu. Ine pandekha ikadutsa 5 peresenti ndimayamba kukayika, ikadutsa 10 sindilowa. Si lamulo la msika ayi, ndi malire anga omwe ndinadziikira nditapsa.

Bambo a Tada: 5 peresenti?? Mukatero mudzangokhalira `SPY` ndi `QQQ` ndi makampani akuluakulu khumi aja moyo wanu wonse. Ine mpaka 15 ndimalowa bola ndi limiti ndipo ndikhale ndikufuna kusunga mpaka kumapeto. Ngati sukufuna kutuluka pakati sipuredi umailipira kamodzi kokha, polowa

Nachisale: Aliyense amalowa akuti asunga mpaka kumapeto bambo, kenako sukulu fizi yafika kkk. Koma pali chinthu chimodzi chomwe chikukuikirani kumbuyo, si ma opushoni onse omwe amaloledwa kuyenda senti imodzi imodzi. Amene ali pa pulogalamu ya masenti amayenda 0.01 mtengo ukakhala pansi pa madola 3, ndi 0.05 ukadutsa. Matumba a masheya a `SPY`, `QQQ` ndi `IWM` ndi senti imodzi pa mtengo uliwonse. Ena onse amadumpha 0.05 pansi pa madola 3 ndi 0.10 pamwamba pake. Onani mitengo ya a Mjoni yonse ikuthera ndi 0 kapena 5, nde ya iwowa ili m'gulu lomalizali mwachionekere. Pa opushoni yotchipa ya m'gulu limeneli 5 peresenti yangayo singatheke olo msika utakhala wabwino bwanji, pamenepo ndikuvomera kuti malire anga ndi okhwima mopitirira.

Chiko_Ndix: Nde ku MSE ku Blantyre kuno cheni imeneyi ndiipeza pati, ndiyeserere pa masheya akwathu

Gift wa ku Leeds: Kulibe ma opushoni kumeneko aise, ndi masheya ndi ma bondi. Koma bidi ndi asiki ziliko, ndipo nkhani yoti ukufuna kugulitsa wogula palibe anthu akumeneko amaidziwa bwino

Mjoni wa ku Dedza: Anthuni tibwerere kwa ine kaye, ndipange bwanji? Ndigulitse panopa ndilire kamodzi kapena ndidikire?

Nachisale: Zoti musunge kapena mugulitse sindingakusankhireni, ndalama ndi yanu ndipo kampaniyo sindikuidziwa. Chomwe ndinganene ndi chakuti musadinenso maketi. Koma muone kaye phiri lomwe lili kutsogolo. Kuti mubweze 745 yanu bidi iyenera kuchoka pa 0.80 kufika 1.49. Pa cheni yanu pezani mzere wa `Delta`, pa kolo ngati imeneyi ikhala cha m'ma 0.35 mpaka 0.40, kutanthauza kuti sheya ikakwera dola imodzi opushoni ikwera masenti pafupifupi 37. Nde sheya ikwere pafupifupi madola awiri, 5 peresenti, msangamsanga, kuti inu mungofika poyambira ngati sipuredi ikhale chomwechi. Mukasunga mpaka tsiku lomaliza sheya iyenera kudutsa 41.49. Ndipo tsiku lililonse mukudikira opushoni ikuchepa mtengo pang'onopang'ono.

Nachisale: Lero siyani, gonani. Mawa musatsegule pa 15:30, dikirani mpaka cha m'ma 17:00 muonenso mzere womwewo. Muonetsetsenso kuti mitengo yomwe apu ikukuonetsani ndi yapompopompo, ma apu ena ngati sunalembetse amakuonetsa ya mphindi 15 zapitazo, pamwamba pamalembedwa `Delayed` tizilembo ting'onoting'ono. Muyang'anenso ma sitiraiki oyandikana nawo, 35 ndi 45, ngati onse ali ndi `Vol` ya 0 kapena 2 ndiye mudziwe kuti vuto si mzere wanu wokha, cheni yonse ndi yakufa.

Bambo a Tada: Ndipo kumbukirani kuti Novembala akasintha mawotchi ku Amerika msika uzitsegula 16:30 kuno, mpaka Malichi. Ine chaka china ndinakhala ola lathunthu ndikutukwana netiweki

Mjoni wa ku Dedza: Mwaswera bwanji nonse, ndabweranso. Nthawi ili 17:05, sheya ili pa 38.10. Mzere uja tsopano uli chonchi

```
Strike  Bid   Size  Ask   Size  Last  Vol  OI
40 C    0.95  15    1.20  12    1.55  0    1245
```

`Last` ikuonetsa 1.55, ndi ine ndemwe eti? kkkk ndaseka ndekha. Ma sitiraiki enawo ndi zero zero, wa 35 wokha uli ndi 4

Bambo a Tada: Mwaona? Ndinanena ine kuti ndi nthawi. Sipuredi yachoka pa 0.60 kufika 0.25

Nachisale: Yachepadi bambo, mfundo yanu ija yaoneka. Koma 0.25 pa 1.075 ikadali 23 peresenti, olo malire anu a 15 yawadutsa. A Mjoni 1.55 yo ndinu nomwe, ndipo wina akabwera lero nkuyang'ana `Last` yokha aziona ngati 1.20 ndi mtengo wotchipa. Onaninso `OI`, yachoka 1240 kufika 1245. Zisanu zanu zija, ndipo zikutiuza kuti amene anakugulitsani nayenso amatsegula zatsopano, sanali mmodzi wa eni 1240 aja akutuluka. Eni akewo sanagwedezeke olo mmodzi dzulo lonse.

Mai Busa Junior: Aaa tsopano ndamvetsa, nde nambala ija yadikira mpaka lero kuti isinthe

Mjoni wa ku Dedza: Ndaganiza zotuluka, kampaniyi ndinangoimva kwa mlamu sindinaifufuze. Ndiike pa zingati?

Nachisale: Sankhani `Sell to Close`, mtundu `Limit`, nthawi `Day`. Yambani pa 1.10, pamwamba pang'ono pa pakati. Mukatumiza yang'anani cheni, muona `Ask` yasintha kukhala 1.10 ndi `Size` 5, ameneyo ndinu, mwakhala wogulitsa wotchipa pa msika wonse. Dikirani mphindi zisanu kapena khumi. Ikapanda kugwidwa sinthani oda yomweyo itsike ndi 0.05, musatumize ina pamwamba pa yoyambayo. Ndipo musanayambe dziuzeni pomwe muimire, chifukwa mukamangotsitsa mphindi iliyonse mukafika pa bidi nokha.

Gift wa ku Leeds: Ndipo `GTC`, oda yokhala mpaka muichotse nokha ija, muisamale, ine ndinasiya oda usiku wonse, m'mawa sheya inatsegula kumbali yanga oda nkugwidwa pa mtengo wadzulo, wina anatola bwino

Mjoni wa ku Dedza: Ndaika 1.10, zoonadi ndikudziona pa sikirini 1.10 ndi 5. Koma taonani, wina wabwera waikanso 1.10, `Size` yakwera kufika 17. Akundilonda kapena?

Nachisale: Ndi makompyuta a ogulitsa ma kontilakiti 12 a pa 1.20 aja, atsika kudzaima nanu. Zimachitika. Nkhani yabwino ndi yoti mwadziwa kuti olo iwo 1.10 akuiona ngati mtengo woti angagulitsire, nde mtengo weniweni uli cha pansi pake pang'ono.

Mjoni wa ku Dedza: Mphindi 12 palibe. Ndatsitsa 1.05

Mjoni wa ku Dedza: Zagwidwa zitatu!! 315. Ziwiri zatsala zikungoti `Working`, bidi yakwera ili pa 1.00 ndi `Size` 6

Bambo a Tada: Ziwirizo zisungeni mnyamata, mwalipira kale sukulu, masabata asanu ndi ambiri sheya itha kudumpha. Chotsani odayo

Nachisale: Kusiyana kwa 1.05 ndi 1.00 pa ziwiri ndi madola 10 okha achimwene. Ngati chifukwa chotulukira chija sichinasinthe, ine sindingagone ndi katundu pa cheni ya zero chifukwa cha madola 10. Koma onani kaye komishoni ya buloka wanu pa kontilakiti

Bambo a Tada: Mayi inu mumathamangira kutseka zilizonse

Mjoni wa ku Dedza: Msika utseka 22:00 eti? Ndizisiya pa 1.05 mpaka 21:30, ndikupita kukatenga mwana kaye. Mlamu akuimba foni sindikuyankha